Makutu athu akuthera mu minibasi

Munthu amene amavala maiyafoni tsiku lililonse nthawi zambiri sawononga makutu ake usiku kunyumba, atagona akumvera nyimbo motsitsa. Amawawononga m'mawa ndi madzulo ali pa ulendo, mu minibasi, pa kabaza wa njinga yamoto, kaya akudutsa mu msika, nthawi imene chala chimangopita chokha pa batani la voliyumu chifukwa nyimbo yamira mu phokoso. Ndikufuna ndikhazikike pamenepa chifukwa malangizo ambiri amene timamva amangoti "tsitsani voliyumu", ndiye munthu amatsitsadi, kenako sakumva kanthu, nkukwezanso, nkhani yathera pompo. Ine ndikuti kuuza munthu kuti atsitse voliyumu osamuuza chochita ndi phokoso lomuzungulira nkumutayitsa nthawi, ndipo amene akufunadi kusunga makutu ake ayambe wakonza maola a pa msewuwo, zina zonse zibwere pambuyo.

Muyang'anitsitse tsiku lina mukakhala pafupi ndi wachinyamata amene wavala maiyafoni a pulasitiki youma aja, oyera, opanda kalabala kumapeto. Minibasi ikadali pa siteji voliyumu ili pakatikati. Dalaivala akangoliza injini chala chadina kamodzi. Akakwezanso wailesi ya m'galimoto chadina kawiri, mawindo atsegulidwa mphepo ikuwomba, chitseko chikugwedera, kondakitala akukuwa kuitanira anthu, chadinanso, pofika pa msewu waukulu kamzere ka voliyumu kafika kumapeto ndipo inu amene mwakhala pambali mukumva tsi-tsi-tsi wa nyimbo yake bwinobwino. Iyeyo sakuona ngati wakweza kwambiri ayi, kwa iye nyimbo ikungomveka mmene imamvekera kunyumba. Apa ndi pamene pali msampha. Khutu limayerekeza nyimbo ndi phokoso lomwe lilipo, ndiye phokoso likakwera munthu amakweza nyimbo kuti ikhale pamwamba pake, koma timaselo ta m'kati mwa khutu timalandira zonse ziwiri pamodzi, injini ndi nyimbo yomwe, ndipo sitichotserapo kalikonse.

Kukula kwa phokoso amakuyeza mu madesibelo, pa foni amalemba dB. Anthu awiri akamacheza bwinobwino m'nyumba zimakhala pafupifupi 60 dB. Msewu wodzaza magalimoto umafika cha m'ma 80 mpaka 85, njinga yamoto imatha kufika 95. Foni yokhala ndi maiyafoni mukaikweza mpaka kumapeto imatha kutulutsa 100 dB kapena kuposa, kutengera mtundu wa foni ndi maiyafoniwo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe la ITU loona za mauthenga, linatulutsa muyezo mu 2019 wonena kuti munthu wamkulu angamvere 80 dB kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana 75 dB kwa maola omwewo. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka 12 mpaka 35 ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvedwe kotere, ndipo musaganize kuti ndi a kunja okhaokha, foni ndi maiyafoni zafika paliponse kuno.

Chimene anthu ambiri sachidziwa nchakuti manambala amenewa sayenda ngati makilogalamu, kuti 83 ndi 80 kuwonjezerapo pang'ono chabe. Mukawonjezera 3 dB mphamvu ya phokoso imachulukana kawiri, ndiye nthawi yomwe mungamvere imadulidwa pakati. Pa 80 muli ndi maola 40. Pa 83 atsala 20, pa 86 atsala 10, pa 89 asanu, pa 92 awiri ndi theka, pa 95 ola limodzi ndi mphindi 15 basi, ndipo mukafika pa 100 ndi mphindi pafupifupi 20 sabata yonse, osati pa tsiku, sabata yonse. Chovuta nchakuti khutu silizindikira kusintha kumeneku mmene kulili. 3 dB mumangomva ngati mwakweza pang'ono pokha, ndipo kuti mumve ngati nyimbo yakwera kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, pamene mphamvu yolowa m'khutu yachuluka kakhumi. Ndiye munthu akamati "ndangokweza pang'ono" akunena zoona mmene akumvera, koma kudina kuwiri kutatu kuja kwamudyera theka la sabata yake kapena kuposa.

Muziganizire ngati bandulo ya intaneti ya sabata. Aliyense wapatsidwa yofanana, mukamamvera motsitsa imayenda pang'onopang'ono mpaka sabata kutha ikadalipo, mukakweza imatha ngati mukuonera mavidiyo, kungoti iyi ikatha palibe uthenga umene umabwera ndipo nyimbo siima, mumapitiriza kumvera, ngongole yake ikulembedwa m'khutu.

Tiyeni titenge chitsanzo kuti muone pamene pamathera zinthu. Tiyerekeze mtsikana wogwira ntchito mu shopu ku Limbe, amakhala ku Ndirande, ulendo wake kuphatikiza kudikira kuti minibasi idzaze ndi kusintha galimoto umatenga mphindi 45 kupita, 45 kubwera, masiku 6 pa sabata. Amenewo ndi maola 9 pa msewu. Maiyafoni ake ndi apulasitiki youma aja, salowa mokwanira m'khutu, phokoso la kunja limalowa lonse, ndiye kuti amve nyimbo amakweza, tinene kuti amafika pa 92 dB, zomwe si zachilendo kwa munthu amene akupikisana ndi injini komanso sipika ya dalaivala. Pa 92 gawo lake la sabata ndi maola awiri ndi theka. Lolemba wadya ola ndi theka, Lachiwiri m'mawa wadya mphindi 45, Lachiwiri madzulo minibasi isanachoke nkomwe mu Limbe gawo lonse latha. Kuyambira pamenepo mpaka Loweruka akungowonjezera, ndipo sabata ikamatha wamvera kuposa katatu ndi theka mlingo umene khutu lingapirire.

Mtsikana yemweyu usiku kunyumba amamvera maola awiri tsiku lililonse, maulaliki, nyimbo, mavidiyo, kuchipinda kuli zii, voliyumu ili pansi, tinene 74 dB. Maola 14 pa sabata amenewo. Mayi ake akamuona amamukalipira kuti uwononga makutu ndi zinthu zakozi usiku wonse, ndipo iye mwini akaganiza zochepetsa amayamba kudula maola a usikuwo. Koma pa 74 dB gawo la sabata ndi maola 160, ndiye maola 14 aja sakufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Atasiyiratu kumvera usiku sakhala atapulumutsa chilichonse chooneka. Vuto lonse lili mu maola 9 a minibasi aja, omwe ndi ochepa kuyerekeza ndi a kunyumba koma ndi amene akumupweteka. Nchifukwa chake ine sindigwirizana ndi amene amangowerenga maola kuti mwana uyu amakhalitsa ndi maiyafoni, funso loyamba likhale lakuti amawavala ali kuti, ndipo voliyumu imakhala pati akakhala kumeneko.

Tsopano tiyerekeze kuti wasintha chinthu chimodzi chokha, wagula maiyafoni okhala ndi timalabala tofewa kumapeto, tija timalowa m'khutu nkutseka. Timeneti tikakwana bwino timatchinga gawo la phokoso la kunja nyimbo isanayambe nkomwe, ndiye safunikanso kukweza kufika kuja. Tinene kuti watsika ndi 9 dB, kuchoka pa 92 kufika pa 83. Gawo lake la sabata lachoka pa maola awiri ndi theka kufika pa maola 20. Maola 9 a pa msewu aja tsopano sakufika ngakhale theka, kuphatikiza ndi a usiku angodutsa theka pang'ono, ndipo sanasiye kumvera ngakhale nyimbo imodzi. Minibasi ndi yomweyo, foni ndi yomweyo, maola ndi omwewo.

Timalabala timeneti musatione mopepuka. Mu paketi ya maiyafoni ambiri mumabwera mitundu itatu, tating'ono, tapakati ndi tatikulu, ndipo ambiri timataya tiwiri tija limodzi ndi katoni nkumagwiritsa ntchito tomwe tabwera titaikidwa kale, kaya tikukwana kaya ayi. Yesani tonse. Kuti mudziwe kuti katseka bwino valani osayatsa nyimbo, phokoso la panja lizimveka ngati latalikira ndipo mawu anu mukalankhula azimveka ngati akuchokera m'mutu. Mukayatsa nyimbo besi imamveka yodzaza ngakhale voliyumu ili pansi. Ngati nyimbo ikumveka yopyapyala, besi kulibe, ndiye kuti mpweya ukudutsa m'mbali, ndipo anthu ambiri amene amakweza voliyumu kwenikweni amakhala akusaka besi imene ikuthawira pa mpata umenewo. Makutu awiri a munthu mmodzi sakhala ofanana nthawi zonse, palibe cholakwika kuvala kakakulu kumanja kapakati kumanzere. Kalabala kakang'ambika kapena kakaphwa sinthani, ndipo muzikapukuta chifukwa phula la m'khutu likatseka kasefa kakang'ono kali m'kati mawu amachepa, inu nkumakweza voliyumu poganiza kuti maiyafoni akalamba.

Alipo amene amagula maiyafoni opanda waya atamva zoti amachotsa phokoso. Apa chenjerani ndi zolemba pa katoni. Pakalembedwa ANC ndiye kuti ali ndi timaikolofoni tomvera phokoso la kunja nkulichepetsa lisanafike m'khutu mwanu, ndipo zimathandiza kwambiri pa phokoso lopitirira ngati kung'ung'udza kwa injini kapena jenereta, ngakhale sizichita zambiri pa mawu a anthu ndi hutala. Pakalembedwa ENC ndi nkhani ina, imeneyo imayeretsa mawu anu kuti amene mukulankhula naye pa foni akumveni bwino, inu m'khutu mwanu simupindula kanthu. Ambiri otchipa pa msika amakhala a ENC ndipo wogulitsa nthawi zina sadziwa kusiyana kwake. Muyese musanalipire, valani pamsika pomwepo, yatsani ndi kuzimitsa ANC nyimbo isakulira, ngati phokoso la msika silikusintha ndiye kuti mulibemo. Ndipo ngati ndalama sizikukwana musadandaule, maiyafoni a waya a timalabala okwana bwino amagwira ntchito yaikulu kale. ANC yokha siteteza khutu, imangokupatsani mpata wotsitsa voliyumu, mukapanda kutsitsa palibe chasintha.

Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa, chovala mbali imodzi yokha, kaya chifukwa mbali ina inafa waya, kaya mwabwereketsa mnzanu mbali inayo, kaya mukufuna kumva kondakitala. Mukamamvera ndi makutu awiri nyimbo imamveka yaikulu kusiyana ndi khutu limodzi pa voliyumu yomweyo, ndiye mukachotsa mbali imodzi, khutu linalo lili pa mtetete kulandira phokoso lonse la msewu, mumakweza kuti mubweze zomwe zasowa, ndipo katundu yense akugwera khutu limodzi lomwelo tsiku ndi tsiku. Ngati mukufunika kumva zimene zikuchitika, monga mukuwoloka msewu kapena muli pa njinga, imitsani nyimbo nkuvula zonse ziwiri, chifukwa apo nkhani siyamakutu okha, galimoto ikubwera kumbuyo simuimva.

Ndikudziwa wina anena kuti zonsezi za madesibelo nzabwino koma foni yanga sindionetsa nambala iliyonse, ndidziwa bwanji kuti ndili pa 83 kapena 92? Funso limeneli ndi loona ndipo yankho lake silokwanira bwino. Amene ali ndi iPhone zawo zinapepuka, alowe mu Settings, kenako Sounds & Haptics, kenako Headphone Safety, pamenepo pali poika malire kuyambira 75 mpaka 100 dB, aike pa 80 kapena 85, ndipo foni imawerenganso yokha zomwe amvera pa masiku 7. Pa Samsung mulowe mu Settings, Sounds and vibration, Volume, dinani timadontho titatu pamwamba mupeza Media volume limit, pomwe mungathenso kuika PIN kuti mwana asasinthe. Koma ambiri a ife tili ndi mafoni ena amene alibe zoyezera, ndiye timadalira lamulo losapitirira 60 peresenti ya voliyumu yonse. Mafoni ambiri a Android kuchoka pa zii kufika kumapeto mumadina ka 15, ndiye 60 peresenti ndi kudina ka 9. Werengani pa foni yanu kamodzi, muone pamene kamzere kamafika, mukumbukire malo amenewo.

Lamuloli silolondola ndendende chifukwa maiyafoni amasiyana, ena pa theka amakhala akulira kale kuposa anzawo pa mapeto, komanso nyimbo zina zinajambulidwa mokweza kuposa zina. Choncho muwonjezere mayeso a makutu anu omwe. Loyamba, muli ndi maiyafoni nyimbo ikulira, munthu amene waima pa mtunda wotalika ngati mkono wanu akalankhula bwinobwino m'chipinda chopanda phokoso muzitha kumva kuti akulankhula, ngati akuchita kukugwedezani paphewa mwakweza. Lachiwiri ndi limene limatsegula anthu maso. Mukatsika minibasi madzulo musakhudze voliyumu, ingoimitsani nyimbo. Mawa m'mamawa kunyumba kuli bata valani nkuyatsa nyimbo yomweyo kwa masekondi ochepa pa voliyumu ya dzuloyo. Ambiri amadzidzimuka nkuvula msanga, komatu imeneyo ndi imene makutu anu anamwa kwa mphindi 45 dzulo. Zoti anzanu akumva nyimbo yanu musazidalire kwambiri, maiyafoni ouma aja amadontha mawu ngakhale pa voliyumu yapakati, pomwe otseka bwino angakhale akukuphulitsani m'khutu woyandikana nanu osamva kanthu.

Ndiye pali uthenga uja umatuluka pa sikirini mukakweza kudutsa malo ena ake, wochenjeza kuti kumvera mokweza nthawi yaitali kungawononge makutu. Tonse timangodina OK osawerenga, ena amafufuza njira yowuchotseratu chifukwa umabweranso. Umabweranso dala. Unachokera ku malamulo a ku Ulaya amene amafuna kuti chipangizo chichenjeze munthu akamadutsa 85 dB, ndipo chimufunsenso akamvera mokweza kwa maola 20. Kunena kwina uthengawo ukabweranso ndiye kuti foni ikukuuzani kuti mwakwanitsa maola 20 muli pamwamba pa mzere. Ine ndimaona kuti uthenga umenewu ukanakhala m'Chichewa chomveka anthu ambiri akanaima kaye. Ndipo amene mumaika timapulogalamu tokwezera voliyumu kupitirira pamene foni inalekezera, tichotseni, mukuchita kuthyola mpanda umene opanga anaika.

Wina anenanso kuti ine ndakhala ndikumvera mokweza kuyambira kusekondale ndipo ndimamva bwinobwino. Mwina ndi zoona lero. Koma taonani mmene khutu limaonongekera. M'kati mwenimweni, kuseri kwa nembanemba imene imagwedezeka ndi mawu, muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya pafupifupi 16,000 khutu lililonse. Timeneti ndi timene timasintha kugwedezeka kuja kukhala uthenga wopita ku ubongo. Munthu amabadwa nato tonse ndipo tikafa sitimeranso, palibe mankhwala, jakisoni kapena opaleshoni yobwezeretsa. Phokoso likachuluka timayamba tatopa, ndi pamene mukavula maiyafoni mumamva ngati makutu atsekeka, anthu akulankhula ngati ali kuchipinda china, kapena khutu likulira tswiii. Ena amati khutu likalira ndiye kuti wina akukunena kwinakwake, koma likalira mutangovula maiyafoni kapena mutangochoka pafupi ndi sipika, ndi khutu lomwelo likukuuzani kuti lapyola muyezo. Pakapita maola angapo kapena tsiku limodzi awiri zimabwerera, munthu nkumati zatha. Kubwereza zimenezi sabata ndi sabata kwa zaka ndi kumene kumapha timaselo tija pang'onopang'ono, popanda ululu, popanda magazi, popanda chilichonse choti mungaloze.

Ndipo sikuti munthu amadzuka tsiku lina ali wogontha. Timaselo toyamba kuwonongeka ndi tomva mawu ang'onoang'ono okwera, cha pa 4,000 Hz pa muyezo wa kukwera kwa mawu, dera limene limathandiza kusiyanitsa zilembo ngati s, f, ts ndi ch. Mawu akuluakulu amamvekabe, ndiye munthu amamva kuti wina akulankhula koma sakugwira zimene akunena, makamaka pagulu. Kunyumba awiriwiri zonse zili bwino, koma pa ukwati, mu kalasi yodzaza, pa maliro pamene wina akulengeza kutsogolo anthu akunong'onezana kumbuyo, amangoti "mwati bwanji?" kawirikawiri, kenako amachita manyazi nkuyamba kungogwedeza mutu. Amadandaula kuti anthu masiku ano salankhula momveka. Chizindikiro china chosavuta kuona nchakuti voliyumu imene inkamukwanira chaka chatha pa maiyafoni omwewo tsopano ikumuchepera. Pofika poti iye mwini avomereze kuti pali vuto timaselo tambiri tapita kale, ndipo kwa ena kulira kwa m'khutu kuja kumakhala kosatha, usana ndi usiku, mpaka kusowa tulo. Munthu wa zaka 25 amene akuti ndimamva bwinobwino sanayezedwe, akungonena kuti sanafike pamene zimaonekera.

Musaiwalenso kuti gawo la sabata lija si la maiyafoni okha. Khutu silisankha kuti ili ndi phokoso la nyimbo ili ndi la ntchito. Amene amagwira ntchito pa chigayo, owotcherera ndi kudula zitsulo, a kabaza wa njinga yamoto, oimba ndi oyendetsa zokuzira mawu kutchalitchi, amakhala atadya kale gawo lawo lonse ku ntchito asanavale nkomwe maiyafoni. Choopsa kwambiri ndi chimene ndimaona anyamata ena akuchita, kuvala maiyafoni pa chigayo kapena pogaya zitsulo nkukweza nyimbo kuti asamve makina. Pamenepo sanadziteteze, awonjezera phokoso pa phokoso. Malo otero pamafunika zotsekera m'makutu zenizeni, tija tofewa tofinya ndi zala timapezeka m'mashopu a zipangizo zomangira, nyimbo idikire poweruka. Chimodzimodzi ngati Loweruka munali pa ukwati pafupi ndi sipika, Lamulungu ndi Lolemba apumitseni makutu. Njira yodziwira kuti malo ali ndi phokoso loopsa ndi yophweka, ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pafupi, woti mungamugwire ndi dzanja, akumveni, ndiye kuti pafika kale cha m'ma 85 dB kapena kuposa, ndipo pamalo otero palibe voliyumu ya maiyafoni ouma imene ingamveke nkukhalanso yotetezeka.

Apa ndi pamene ndinena chinthu chimene ambiri sachikonda. Pali maulendo ena amene yankho lake ndi kusamvera basi. Ngati mwavala maiyafoni otseka bwino, mwafika pa kudina ka 9 kuja ndipo simukumvabe chifukwa dalaivala wakweza sipika ili pansi pa mpando wanu, musapikisane naye, simungapambane osapweteka makutu anu. Imitsani nyimbo, asiyeni maiyafoniwo m'khutu akhale ngati zotsekera, muyatse mukatsika. Ndipo ikani voliyumu mukadali kunyumba musanatuluke, pamalo abata pamene khutu likuweruza bwino, mukafika pa msewu musaikhudzenso. Zomvera za mawu okhaokha monga maulaliki, nkhani, mpira pa wailesi ndi mavoisi a pa WhatsApp ndi zimene zimakakamiza kukweza kwambiri mu phokoso chifukwa mukufuna kugwira liwu lililonse, bwino kuzisungira kunyumba. Pa ulendo wautali ngati wa Blantyre kupita ku Lilongwe muzivula kwa mphindi zingapo ola lililonse. Kugona nawo maiyafoni nyimbo ikulira mpaka m'mawa nakonso kumawonjezera maola opanda phindu, mapulogalamu ambiri omvera nyimbo ali ndi Sleep timer, ikani mphindi 30 izime yokha.

Kwa makolo, kulanda mwana maiyafoni sikuthandiza kwenikweni chifukwa abwereka a mnzake. Tengani foni yake, valani maiyafoni akewo pa voliyumu imene iye amamvera, mumve nokha, kenako ikani malire mu foni ngati ilola, ndipo mukamamugulira musankhe okwana khutu lake. Kumbukirani kuti muyezo wa ana ndi 75 dB osati 80, ndipo khutu la mwana ndi laling'ono moti maiyafoni omwewo pa voliyumu yomweyo amalira kwambiri mwa iye kuposa mwa inu.

Ngati khutu likulira kupitirira masiku angapo osasiya, kapena mwaona kuti pagulu simukugwira bwino mawu, pitani mukayezetse. Ku Blantyre kuli kiliniki ya zamakutu pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli kiliniki ya zamakutu ya pa African Bible College, ndipo amene ali kutali ayambire pa chipatala cha boma chapafupi awaone m'khutu nkuwatumiza. Kuyeza sikupweteka, amakuvekani mahedifoni m'kachipinda kabata nkumaliza timawu tosiyanasiyana inu nkumadina batani mukamva, pomaliza amajambula mzere woonetsa pamene khutu lililonse likumva ndi pamene layamba kutsika, ndipo kuwonongeka kwa phokoso kumaoneka ngati mzere walowa pansi cha pa 4,000 Hz paja munthu asanayambe kudandaula. Nthawi zina vuto limangokhala phula limene maiyafoni alikankhira m'kati, amalichotsa nkumva bwino tsiku lomwelo, koma musalitokose nokha ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga. Khutu likamatuluka mafinya kapena likupweteka musavale maiyafoni mpaka lichire. Ndipo ngati khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, mwadzuka m'mawa mbali imodzi ili zii, imeneyo si nkhani yodikira kumapeto kwa mwezi, pitani tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa mankhwala a vuto limeneli amagwira bwino akaperekedwa m'masiku oyambirira.